Ndinaiwala kutseka mpopi, kabati ya eni nyumba yafufuma: ndiwalembere chiyani?

"Ndimachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Chilomoni, chaka chachitatu tsopano. Lachiwiri madzi anasiya. Ndinatsegula mpopi wa pasinki kuti ndione ngati abwera, n'kuiwala kutseka. Anabwera usiku tili mtulo. M'mawa khitchini yonse inali dziwe, kabati ya pansi pa sinki yafufuma, chitseko cha kukhitchini sichikutsekekanso. Eni nyumba ndi bambo achikulire, amakhala ku Lunzu, ndipo sanamve kanthu. Amuna anga akuti tingoitana kalipentala mwakachetechete. Ine mtima sukundilola. Ndiwalembere chiyani? Ndinene kuti ndikonza kapena ndilipira?" — Mayi wa ku Chilomoni

Mayi, khazikani mtima pansi. Ndayang'anira nyumba za lendi mu Blantyre muno kwa zaka zambiri, ndipo ngozi yanuyi ndaiona kangapo. Madzi ambiri a mumzinda uno amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry, mumtsinje wa Shire, n'kukwera nawo mtunda mpaka kuno. Kukavuta magetsi kapena paipi ikaphulika, mipopi imauma, ndipo madzi akamabwerera sagogoda pachitseko. Nthawi zambiri amafika usiku, pamene anthu ambiri sakutunga. Sindinaonepo mwini nyumba wanzeru akutulutsa munthu amene wakhala bwino zaka zitatu chifukwa cha mpopi woiwalika. Amene ndawaona akutulutsidwa ndi aja anabisa.

Choncho mtima wanuwo ukukuuzani zoona. Amuna anu ndikuwamvetsa, akufuna kupewa phokoso, koma njira yawoyo ili ndi mbuna. Ndikuuzeni za bambo wina amene ankakhala m'nyumba ina imene ndinkayang'anira ku Nkolokosa. Zinamuchitikira zofanana ndi zanuzi. Iye anaitana mmisiri wake, anakhomera kathabwa kopyapyala pamwamba pa thabwa lofufumalo, n'kupaka penti yoyera. Patsiku losamuka, ndinatsegula kabatiyo ndipo chinayamba kundilandira ndi fungo la nkhungu. Nditakanikiza ndi chala chachikulu pakona, chala chinalowa ngati ndakanikiza chigumu. Pansi pake panali pakuda bii, mphemvu zitamanga mudzi, ndipo chinyezi chinali chitakwera khoma mpaka penti ya kuchipinda chinacho inatukusira. Eni nyumba sanakwiyire madziwo. Anakwiyira pentiyo. Kuchokera pamenepo anayamba kukayikira chilichonse m'nyumbamo, ngakhale galasi la zenera limene linali losweka munthuyo asanalowe, ndipo dipoziti yonse inathera pomwepo. Akanangoimba foni tsiku lomwelo, nkhani ikanathera pa thabwa limodzi.

Musanalembe chilichonse, dziwani bwino chimene chawonongeka, chifukwa uthenga wopepesa wopanda tsatanetsatane umaopseza kuposa ngozi yeniyeniyo. Munthu ali ku Lunzu akangowerenga kuti "madzi awononga khitchini", m'maganizo mwake amaona nyumba yonse itagwa.

Tulutsani zonse za m'kabati, musiye zitseko zake ndi mazenera zotsegula. Kenako yang'anani mtundu wa thabwalo. Makabati ambiri a m'nyumba za lendi amapangidwa ndi matabwa aja a utuchi womata ndi guluu, amene amisiri amawatchula kuti chipibodi. Limeneli likamwa madzi limafufuma, m'mphepete mwake mumayoyoka ngati gaga, ndipo silibwereranso ngakhale mutaliyanika mwezi wathunthu. Ngati ndi limeneli, mbali yofufumayo ndi yosintha basi. Koma ngati ndi thabwa lenileni, monga la paini, nthawi zambiri likauma limabwerera mwakale. Chimodzimodzi chitseko. Apa ndikuchenjezeni kwambiri: musalole munthu achipale ndi puleni sabata ino. Chitseko chonyowa chimatupa, ndipo mukachipala chikadali chotupa, chikadzauma chidzasiya mpata woti khoswe adutse. Chipatseni sabata imodzi kapena awiri. Chokhacho choti muone n'chakuti ngati ndi chitseko chopepuka chija chokutidwa ndi pulayiwudi, kodi chikopa chake chayamba kusendeka m'munsi? Chikasendeka chimafuna kumatidwa ndi kupanidwa, kapena kusinthidwa kumene.

Pansi paja, ngati pali matailosi, gogodani ndi kakhobidi malo angapo. Omata bwino amalira mogontha, amene alekana ndi simenti amalira ngati ng'oma. Ndipo ngati madzi anafika pa soketi iliyonse, kapena pamene pamalowa waya wa kuka, zimitsani magetsi a mbali imeneyo pabokosi la masiwichi, musalumikize kanthu mpaka wodziwa zamagetsi ataona. Pamenepo ndi pa moyo wa ana anu, si pa nkhani ya ndalama.

Mukatero jambulani zithunzi ndi foni, masana kuwala kulipo: chimodzi choonetsa khitchini yonse, ziwiri kapena zitatu zapafupi. Chithunzi cha khitchini yonsecho n'chofunika kwambiri, chifukwa ndi chimene chimawaonetsa bambowo kuti zambiri zili bwinobwino.

Tsopano za uthengawo. Popeza eni nyumba ndi achikulire, musawadzidzimutse ndi zithunzi pa WhatsApp ngati mukutumizira mnzanu wa kubanki m'khonde. Yambani mwaimba foni, inu kapena amuna anu, makamaka amene dzina lake lili pachikalata cha lendi kapena amene amalankhula nawo mwezi ukatha. Apatseni moni, afotokozereni mwachidule, muwauze kuti mutumiza uthenga ndi zithunzi. Kuimbako ndi ulemu, kulembako ndi umboni, ndipo mukufunika zonse ziwiri. Uthengawo ungakhale wotere:

"Bambo, mwaswera bwanji? Monga ndinanenera pafoni, ndabwera ndi nkhani yopepesa. Lachiwiri madzi atasiya ndinatsegula mpopi wa pasinki n'kuiwala kutseka. Anabwera usiku ndipo anasefukira m'khitchini. Kulakwa n'kwanga, pepani kwambiri. Zimene ndaona kuti zawonongeka ndi thabwa la pansi ndi la m'mbali la kabati ya pansi pa sinki, ndiponso chitseko cha kukhitchini chatupa m'munsi. Madzi tapukuta, kabati tikuiwumitsa, ndipo sitinakonze kalikonse tisanamve kwa inu. Ndine wokonzeka kukonzetsa zimene madziwa awononga. Ngati muli ndi kalipentala wanu, mutumizeni adzaone ndipo ndidzamulipira tikagwirizana mtengo. Ngati mungalole, ndingapezenso wina kuno, ndikutumizireni kotesheni musanavomere. Tilipo Loweruka tsiku lonse ngati mungafune kudzaona nokha. Zithunzi ndi izi. Zikomo, bambo."

Onani mmene mawu akuti "kulakwa n'kwanga" aimira okha, opanda "koma" kumbuyo kwake. Anthu ambiri amalemba kuti "pepani, koma a Water Board sanalengeze", kapena "pepani, koma kabatiyo inali yakale kale". Zingakhale zoona, koma zikabwera pambuyo pa "pepani" zimafafaniza kupepesako, ndipo munthu wamkulu amamva kuti mwayamba kale kudzitchinjiriza. Musanamizirenso mwana kapena wantchito. Ngakhale akanakhala iwo amene anaiwala, kwa eni nyumba wolakwa ndi amene anapatsidwa makiyi. Kupepesa kamodzi momveka n'kokwanira. Mukalemba "pepani" kasanu, kuwonjeza zoti simunagone, mukulira, mwangotaya mtima, bambowo amakakamizika kuyamba kukutonthozani m'malo moganizira za kabati yawo.

Mawu ena amene ndawasankha dala ndi akuti "zimene ndaona" ndi akuti "zimene madziwa awononga". Oyambawo akusiya mpata, chifukwa madzi amabisa zina. Penti ya m'munsi mwa khoma ingayambe kutukusira patatha masiku, ndipo ikatero simudzaoneka wabodza. Achiwiriwo akuika malire. Musalembe kuti "ndilipira chilichonse chimene munganene". Ndikudziwa kuti munthu wamanyazi amafuna kunena zimenezo kuti mtima upepuke, koma ndaona lonjezo lotere likusanduka khitchini yatsopano yathunthu, ndi mpopi womwe, ndi penti ya nyumba yonse. Si kuti eni nyumba onse ndi adyera ayi. Kungoti mmisiri akamva kuti wolipira wavomera zonse, dzanja lake limalemera polemba. Musatchulenso chiwerengero cha ndalama mu uthenga woyambawu. Simunadziwe mtengo, ndipo nambala imene mungatchule mwamantha idzakhala ngati chikole.

Mwafunsa ngati munene kuti mukonza kapena mulipira. Yankho langa n'lakuti muike zonse ziwiri patebulo, asankhe ndi iwo, chifukwa katunduyo ndi wawo. Koma mudziwe kusiyana kwake. Mukakonzetsa nokha ndi chilolezo chawo, mumatha kuyenda m'mashopu a hadiweya ku Limbe kapena m'tauni n'kuyerekeza mitengo, ndipo kawirikawiri zimatsika. Vuto lake n'lakuti ntchito ikapanda kuwasangalatsa, mlandu umakhalabe wanu, mwinanso mungalipire kawiri. Mukalipira mmisiri wawo, zingakwere pang'ono, koma ntchito ikapotoka si inu wofunsidwa. Kwa bambo achikulire amene anamanga okha nyumba yawo, ine ndimalangiza njira yachiwiriyi. Anthu otere amakhala ndi kalipentala amene amamukhulupirira, ndipo kumulola kuti agwire ntchitoyo kumaziziritsa mtima wawo kuposa mawu aliwonse. Chimene mungapemphe mwaulemu n'chakuti kotesheni ilembedwe, zipangizo padera, ntchito ya manja padera, thiransipoti padera, ndipo inunso mufunse kalipentala wina wa ku Chilomoni komweko kuti mukhale ndi poyerekeza.

Njira yachitatu, yongopereka ndalama m'manja mwa eni nyumba kuti "mukonze nokha", ndi yabwino pokhapokha mutalemberana kuti ndalamayo yatseka nkhaniyo. Kupanda apo ndalama imatha kupita ku zina, kabati n'kukhala chifufumire, ndipo tsiku losamuka nkhani imadzukanso.

Nanga za ukale wa kabatiyo? Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ena polipira mopitirira, ena pokangana msanga. M'zikalata zambiri za lendi mumakhala mawu onena kuti wochita lendi adzabweze nyumba mmene anaipezera, kupatula kutha kwa zinthu kobwera ndi kugwiritsa ntchito kwa masiku onse. Chogwirira chitseko chikakhwepa ndi zaka, kapena penti ikafwifwa, ndi za eni nyumba. Madzi osefukira chifukwa cha mpopi woiwalika sali m'gulu limenelo, ndi anu. Komabe chimene mwawononga ndi kabati yakale, si yatsopano. Ngati pansi pake panali patayamba kale kuwola chifukwa cha paipi yodontha, kapena sinkiyo inkachedwa kumeza madzi ndipo munawauzapo, zimenezo zili ndi malo ake pokambirana. Dzifunseni moona mtima kuti madziwo anasefukira bwanji. Sinki yabwino imatha kumeza madzi ambiri ndithu. Ngati munasiyamo beseni, mbale kapena kansalu kotsukira kamene kanatseka bowo, mlandu wonse ndi wanu. Ngati munalibe kanthu koma paipi yake inali yotsekeka kuyambira kale, pulambala anene zimenezo pamaso pa eni nyumba. Nkhani imeneyi ilowe pa tsiku loonera limodzi, mmisiri atagwada pansi pa sinki akuloza ndi chala, osati mu uthenga wopepesa. Zikatuluka pakamwa pa mmisiri zimamveka ngati zoona, zikatuluka pakamwa panu tsiku loyamba zimamveka ngati kuzemba.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone kayendedwe kake, poti mitengo yeniyeni adzakuuzani ndi mmisiri. Tinene kuti kotesheni yabwera K180,000: zipangizo K120,000, ntchito ya manja K45,000, thiransipoti K15,000. Mukayang'ana mupeza kuti pa zipangizopo pali K30,000 ya mahinjesi ndi zogwirira zatsopano, pamene zakalezo madzi sanazikhudze. Mungathe kunena kuti, "Bambo, mahinjesiwa akadali abwino, kodi sangabwezeretsedwe omwewa? Ngati mungakonde atsopano, mwina mbali imeneyo muthandizepo." Yanu yatsala K150,000. Ngati bambowo afuna kuti m'malo mwa chipibodi aikepo thabwa lolimba kuposa lakale, kusiyana kwa mtengoko n'kwawo, chifukwa kumeneko n'kukometsa nyumba, si kubwezeretsa. Ambiri akaona kuti simunabise, amadzinenera okha kuti "ichi ndilipira ine". Koma musawerengere zimenezo, ndipo akakana pa kandalama kochepa, ganizirani mtengo wosamuka, wolipira dipoziti kwina ndi kusintha sukulu ya ana, musanalimbane nawo.

Ngati K150,000 simungaipeze nthawi imodzi, nenani poyera, ndipo mutchule masiku. "Ndidzayesetsa" si lonjezo. Nenani kuti K90,000 ya zipangizo mupereka pa 30 mwezi uno, K60,000 yotsalayo pa 30 mwezi wa mawa. Ndaika zipangizo patsogolo dala. Tonse tikukumbukira mmene mitengo ya m'mahadiweya inadumphira kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kotesheni ya lero siidikira miyezi itatu. Mukagula matabwa msanga mwatseka mtengo, ntchito ya manja ingathe kudikira. Lonjezani zimene mungakwanitse ngakhale mwezi utavuta, chifukwa tsiku limodzi lophonya limabweza nkhani yonse pachiyambi. Ndipo lendi ya mwezi uno ilipidwe pa nthawi yake, yathunthu. Musachotsepo kanthu poti mwagula matabwa, musaisakanizenso ndi ndalama ya kabati potumiza. Tumizani padera, kaya pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, musunge uthenga wotsimikizira, ndipo malisiti a kuhadiweya muwajambule tsiku lomwelo chifukwa inki yake siichedwa kufufutika.

Mwina bambowo anganene kuti adula pa dipoziti. Si zolakwika ngati mwagwirizana, koma funsani zinthu ziwiri: adula zingati, ndipo kodi mukuyenera kubwezeretsa dipozitiyo? Ambiri amaiwala funso lachiwirili, n'kudzadabwa patsogolo. Ine ndimakonda kuti dipoziti isakhudzidwe munthu akadali m'nyumba, chifukwa ndi imene idzakuthandizeni polowa kwina.

Mukagwirizana pakamwa, kaya pakhonde panu kapena ku Lunzu, madzulo ake tumizani uthenga wachiwiri waufupi: "Bambo, zikomo chifukwa chobwera lero. Kuti ndisaiwale, tagwirizana kuti kalipentala wanu asinthe matabwa awiri a kabati, ine ndilipira K150,000 m'zigawo ziwiri, pa 30 mwezi uno ndi pa 30 mwezi wa mawa, ndipo chitseko tichiona pakatha masabata awiri chikauma. Ngati ndalakwitsa pena, mundikonze." Mawu akuti "kuti ndisaiwale" amachotsa kuwawa kwa kulemberana, munthu wamkulu saona ngati mukumukayikira. Akayankha kuti "zili bwino", musaufufute uthengawo mpaka tsiku limene mudzabweze makiyi. Ntchito ikatha, jambulani kabati yokonzedwayo, muwatumizire, muwafunse ngati akhutira, ndipo yankho lawolo mulisungenso.

Pali kanthu kena kamene simunatchule: madzi amene anatayika usiku wonsewo anadutsa pamita. Ngati mita ndi yanu nokha, mwalipira kale kapena mudzalipira bilu ikabwera. Koma ngati mumagawana mita ndi anzanu a pampanda, auzeni lero lomwe kuti mwezi uno mudzaonjezerapo. Apo ayi, eni nyumba adzamva nkhaniyi kuchokera kwa aneba okwiya, ndipo idzafika itakula.

Akayamba ndi kukalipa pafoni, asiyeni amalize. Nyumba imeneyo mwina ndi penshoni yawo yonse, ndipo kupsa mtima kwa mphindi zisanu si chigamulo. Yankhani kuti "ndamva, bambo, ndalakwa, tiyeni tidzaonere limodzi". Akakhala chete masiku awiri osayankha, imbaninso kapena pitani ku Lunzu ndi amuna anu. Musatenge kukhala chete ngati chilolezo choti muyambe kukonza.

Pamene muyenera kufuna thandizo la ena ndi pamene zinthu zadumpha malire a kabati: akafuna ndalama yosagwirizana n'komwe ndi zimene zawonongeka ndipo akukana kuonetsa kotesheni, akaopseza kuti akutsekerani kunja, azula chitseko kapena agwira katundu wanu. Yambani ndi munthu amene nonse mumamulemekeza, monga amfumu a m'dera lanu, mkulu wa mpingo, kapena amene anakupezerani nyumbayo. Zikakanika pamenepo, tengani chikalata cha lendi, zithunzi, mauthenga onse ndi malisiti, mupite ku ofesi ya Legal Aid Bureau mu Blantyre muno kapena mukafunse ku khoti la majisitireti. Kuwononga chinthu mwangozi ndi nkhani ya kulipirana, ndipo wina akakuopsezani ndi apolisi kuti musayine pepala la ndalama zimene simukugwirizana nazo, musasayine, pemphani nthawi yokafunsa kaye. Ngati nyumbayo imayendetsedwa ndi ejenti, uthenga womwewu upitenso kwa iye tsiku lomwelo, ndipo onani ngati chikalata chanu chikutchula masiku oyenera kudziwitsa zikawonongeka zinthu.

Aonetseni amuna anu yankho ili madzulo ano, mugwirizane amene aimbe foniyo, ndipo iimbidwe lisanalowe dzuwa la mawa. Papita kale masiku angapo chichitikireni ngoziyi, choncho mu uthengamo muonjezere chiganizo chimodzi choona: "Pepaninso kuti ndachedwa kukudziwitsani, ndinachita mantha." Mpopi uja, madzi akadzasiyanso, muzitsegula wa panja poyesa, ndipo musanagone wina azizungulira mipopi yonse ndi dzanja.